Dayamondi wa mumgodi ndi wa mufakitale: diso silingawasiyanitse, koma msika umawasiyanitsa

Ikani mphete ziwiri pa kauntala, iliyonse yokhala ndi mwala wa dayamondi wolemera karati imodzi. Mwala woyamba unakumbidwa ku Jwaneng m'dziko la Botswana, ndipo unakhala pansi pa nthaka zaka zoposa biliyoni imodzi anthu asanaufukule. Wachiwiri unakula kwa masabata ochepa chabe m'makina, mumzinda wa Surat ku India. Itanani mmisiri amene wakalambira pa ntchito yosula mphete, mum'patse galasi lake lokulitsa zinthu kakhumi, mum'funse kuti wa mumgodi ndi uti. Ngati ali woona mtima ayankha kuti sangalumbire.

Sakubisa mawu. Miyala iwiriyi yonse ndi dayamondi weniweni. Yonse ndi kaboni, chinthu chomwe chija chimene chili m'makala, koma choyalana mwa dongosolo lothinana kwambiri moti palibe mwala wina wachilengedwe woposa kulimba kwake. Kulimba n'kofanana, kunyezimira n'kofanana, ngakhale kulemera kwake. Dayamondi wa mufakitale si galasi, ndiponso si miyala yonyengezera ija yotchedwa zikoniya kapena moyisanaiti. M'chaka cha 2018 bungwe loona za malonda ku America, la FTC, linachotsa mawu akuti "wachilengedwe" pa tanthauzo lake la dayamondi, ngakhale linasunga lamulo lakuti wogulitsa azinena poyera ngati mwalawo uli wopangidwa ndi anthu.

Tiyambe ndi kachipangizo kamene kapusitsa anthu ambiri. M'masitolo a mphete mumapezeka kachida konga cholembera, kamene akakakhudzitsa pa mwala kamalira kapena kuyatsa nyale. Wogulitsa amakuonetsani monyadira, nati, "Mwamva nokha bwana, ndi weniweni." Kachidako kamayeza chinthu chimodzi basi: liwiro limene mwala umachotsera kutentha pa kansonga kake. Dayamondi amakoka kutentha msanga kuposa galasi ndi zikoniya, choncho pa ntchito yogwira miyala yabodza kamathandiza. Koma dayamondi wa mufakitale amakokanso kutentha mofanana ndendende, ndipo kachidako kamalira chimodzimodzi. Kulirako kukukuuzani kuti mwalawo si galasi. Za komwe unachokera sikananenepo kanthu. Njira zina zimene anthu amauzana, monga kupumira pa mwala kuti muone ngati nthunzi ichoke msanga, kapena kukanda nawo galasi, nazonso zimagwa pa mfundo yomweyi.

Kuti timvetse pamene kusiyana kwabisala, tione kaye mmene mwala uliwonse umabadwira. Dayamondi wa mumgodi anapangika pa mtunda wa makilomita 150 mpaka 200 pansi pa nthaka, ndipo anakwera kumtunda ndi chiphala cha mapiri ophulika akalekale. Mwala womunyamulawo unapatsidwa dzina kuchokera ku mzinda wa Kimberley ku South Africa. Anthu anayesetsa kwa nthawi yaitali kutsanzira zimenezi, mpaka mu 1954 akatswiri a kampani ya General Electric ku America anakwanitsa. Zimene ankapanga poyamba zinali timiyala tonga mchenga, tothandiza ponola zitsulo ndi kuboola miyala. Mwala woti n'kuvala pa chala anaupanga cha m'ma 1970, koma unali wokwera mtengo kuposa wokumba, ndiye panalibe amene anachita nawo mantha.

Lero njira zilipo ziwiri, ndipo mayina ake mudzawaona pa satifiketi ya mwala. Yoyamba amailemba kuti HPHT. Amaika kambewu kakang'ono ka dayamondi m'makina opanikiza mwamphamvu zedi, pamodzi ndi kaboni ndi zitsulo monga ayironi, nikelo ndi kobati, n'kutenthetsa kupitirira madigiri 1,300. Kaboni amasungunukira m'chitsulocho, kenaka n'kumamatirira pa kambewu kaja. Njirayi yafala kwambiri ku China, makamaka m'chigawo cha Henan. Yachiwiri amailemba kuti CVD. Apa kupanikiza kulibe. Amayala timapale topyapyala ta dayamondi m'chipinda chochotsedwa mpweya, n'kulowetsamo gasi wokhala ndi kaboni pamodzi ndi haidirojeni, n'kumuotcha mpaka kaboniyo ayambe kugwera pa timapale tija, mzere pamwamba pa mzere, monga fumbi limaunjikanira pa tebulo. Mafakitale ambiri a ku Surat amatsata njira imeneyi, ndipo mzinda womwewu ndi umene kwa zaka zambiri wakhala ukudula ndi kupukuta miyala ya dayamondi pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse padziko lapansi.

Chimene fakitale silingathe kupanga ndi nthawi, ndipo nthawiyo inasiya mapazi ake mkati mwa mwala. Miyala ya mumgodi pafupifupi 98 mwa 100 iliyonse ili ndi tizidutswa ta naitirojeni tolowerera pakati pa kaboni. Mwala uli wakhanda, tizidutswati timakhala tobalalika, kalikonse pakokha. Koma ukakhala m'kutentha kwa pansi pa nthaka kwa zaka mamiliyoni ochuluka, timasuntha pang'onopang'ono mpaka kukumana, n'kukhala tiwiritiwiri, titatutitatu kapena tinayitinayi. Mwala wa masabata atatu sunapeze mpata woterewu. Naitirojeni akatsalamo amakhala wobalalika ndipo amaupangitsa kuoneka wachikasu, n'chifukwa chake opanga amayesetsa kuti asalowemo n'komwe, mwala utuluke woyera mbee.

Makina oyezera a masiku ano amasaka chizindikiro chimenechi. Amawalitsa kuwala mu mwala n'kuona ngati muli naitirojeni wosonkhana m'timagulu. Akamupeza, pa sikirini pamatuluka mawu akuti PASS, kutanthauza kuti mwalawo ndi wa mumgodi. Akapanda kumupeza pamatuluka REFER. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti makina agamula kuti mwalawo ndi wa mufakitale. Ayi, akungonena kuti upite kukayezedwa mozama. Chifukwa chake n'chakuti pali miyala ina ya mumgodi, umodzi kapena iwiri mwa 100, imene ilibe naitirojeni wooneka, ndipo pa mapepala amailemba kuti Type IIa. Ina mwa miyala yotchuka koposa ili m'gulu limeneli. Mwala wa Cullinan, umene unapezeka ku South Africa mu 1905 uli wolemera makarati 3,106, ndi umodzi mwa iyo. Mukanati muike chidutswa chake pa makina a m'sitolo, nachonso chikanauzidwa kuti chipite kukayezedwanso.

Ku labotale yaikulu, monga ya GIA kapena IGI, amayang'ana mmene mwalawo unakulira. Pali makina otchedwa DiamondView, amene kampani ya De Beers inapanga, amene amawalitsa pa mwala kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo mwalawo umayaka n'kuonetsa mizere ya kakulidwe kake, monga mmene thabwa limaonetsera mizere ya mtengo. Wa mumgodi kawirikawiri amayaka mobiriwira ngati thambo, ndipo mizere yake imasonyeza kuti ankakula, n'kuima, n'kuyambiranso. Wa HPHT amaonetsa zigawo zooneka ngati mtanda, ndipo nthawi zambiri amapitiriza kuyaka kwa kanthawi nyale itazimitsidwa. Wa CVD amaonetsa mizere yopyapyala yoyalana, ija inagwa umodzi pamwamba pa unzake. Palinso zizindikiro zina zing'onozing'ono. Mu mwala wa HPHT nthawi zina mumatsalira kachitsulo kakuda, ndipo kakakhala kokulirapo, maginito amphamvu amatha kukoka mwalawo. Koma mwala wosakokedwa ndi maginito sunatsimikize kanthu, chifukwa miyala yambiri ya mufakitale ilibe kachitsulo kotere.

Nanga munthu wamba amene alibe makina achite chiyani? Tiyerekeze kuti mbale wanu wina amene amagwira ntchito ku Joni wapatsidwa mpata wogula mphete kwa mnzake amene ndalama zam'thera. Mnzakeyo akuti mwalawo ndi wa mumgodi, wa karati imodzi, ndipo pepala lake lilipo. Choyamba ndi kutenga galasi lokulitsa n'kuyang'ana m'chiuno mwa mwala, kamzere kopyapyala kaja kozungulira pamene pali potambalala kwambiri. Miyala yambiri yoyezedwa ku labotale imalembedwa pamenepo ndi leza nambala ya satifiketi yake, ndipo ya mufakitale amaionjezera zilembo monga LG kapena mawu onena kuti ndi yopangidwa. Nambalayo ifanane ndi ya pa pepala. Chachiwiri ndi kulowetsa nambalayo pa tsamba la intaneti la labotale imene inapereka pepalalo, kuti aone ngati zimene zikutuluka zikugwirizana ndi zimene zili m'manja.

Ambiri amalekera apa, koma akuba anafika kale patsogolo. Zolemba za leza n'zosazama, moti mmisiri angathe kuzipukuta n'kulembapo zina. Bungwe la GIA lanenapo kangapo kuti lalandira miyala ya mufakitale yolembedwa nambala za masatifiketi a miyala ya mumgodi, itadulidwa dala kuti ifanane ndi zimene pepala likunena. Choncho sitepe yachitatu ndi kuyeza mwala weniweniwo. Satifiketi imanena kulemera mpaka kachigawo kakang'ono, mwachitsanzo makarati 1.02, ndi miyezo ya mamilimita, mwina 6.44 ndi 6.47 m'mimba mwake, ndi 3.98 kuzama kwake. Imakhalanso ndi chithunzi chosonyeza pamene pali timaanga ta mkati. Ngati pepala likuti pali kamng'alu kakang'ono chakumbali, koma mwala uli woyera ngati madzi a pa kasupe, musasangalale kuti mwapeza wabwino kuposa wolembedwa. Mwina mwagwira mwala wina. Ndipo ngati ndalama zake n'zambiri, wogulitsa woona sakana kuti mupite naye limodzi kwa woyeza amene ali ndi makina aja a PASS ndi REFER. GIA ili ndi malabotale ku Johannesburg ndi ku Gaborone.

Timiyala ting'onoting'ono tozungulira mwala waukulu pa mphete ndi nkhani ina. Sitikhala ndi satifiketi, timagulitsidwa m'mapaketi a mazanamazana, ndipo kusakaniza ta mufakitale ndi ta mumgodi n'kosavuta. Ngakhale miyala yokulirapo yalowapo mwakabisira. Mu 2012 labotale ya IGI ku Antwerp inapeza miyala mazana angapo ya CVD imene inabwera ngati ya mumgodi, ndipo ochita malondawa anadzidzimuka kwambiri.

Tsopano tibwere ku funso limene limapangitsa kuti zonsezi zikhale ndi ntchito: tsiku limene mudzafune kugulitsa, mudzalandira zingati?

Ndiyambe ndi chimene ogulitsa dayamondi wa mumgodi sakonda kuti chinenedwe. Mwala wamba wa pa mphete sunakhalepo malo abwino osungira chuma. Mu 1982 mtolankhani Edward Jay Epstein analemba nkhani yaitali m'magazini ya The Atlantic yofunsa owerenga ngati anayesapo kugulitsa dayamondi, ndipo anasonyeza kuti amene amayesa amabwerako manja ali m'khosi. Nthawi imeneyo mwala wa mufakitale unali usanalowe m'sitolo iliyonse. Gwero la vutoli ndi losavuta kulimva. Pa mtengo umene mumalipira m'sitolo muli phindu la wogulitsa, lendi, malipiro a antchito, msonkho ndi ndalama zotsatsira malonda. Zonsezi zimathera pakhomo pomwepo. Mukabwerera kuti mugulitse, wasitoloyo sangakupatseni ndalama zoposa zimene angagulire mwala wofanana nawo kwa omupikulitsa, amene nthawi zambiri amam'patsa pangongole. Inu mukufuna ndalama pompopompo, ndiye amatsitsanso. Si zachilendo kupatsidwa theka la zimene munalipira, kapena kucheperapo ndithu.

Komabe wogula alipo, ndipo apa m'pamene mwala wa mumgodi umapambanira. Pali mndandanda wa mitengo wa Rapaport, umene wakhala ukutuluka kuyambira 1978, ndipo amalonda a ku Antwerp, Mumbai ndi New York amauyang'ana pokambirana. Mwala wokhala ndi satifiketi yodalirika ungathe kuchotsedwa pa mphete yakale, kupukutidwa, n'kugulitsidwanso ngati watsopano. Msika wake ndi wowawa, koma ulipo.

Mwala wa mufakitale uli ndi vuto la mtundu wina. Mtengo wake umatsatira ndalama zopangira, ndipo ndalamazo zimatsika chaka ndi chaka pamene makina akuchuluka ndi kuphunzira kukuza miyala ikuluikulu. Cha m'ma 2016 mwala wa mufakitale unkagulitsidwa motsikirapo pang'ono chabe poyerekeza ndi wa mumgodi. Mu 2018 De Beers, kampani yomwe ija imene inakhala zaka zambiri ikulamulira msika wa miyala yokumba, inatsegula malonda ake a miyala yopanga otchedwa Lightbox, pa mtengo umodzi wa madola 800 pa karati. Nthawi imeneyo mtengowo unali wotsika mododometsa, ndipo ambiri anaona kuti cholinga chinali kuuza dziko kuti miyala iyi ndi yokongoletsera chabe. Mu 2024 anautsitsa kufika pa madola 500. Mu 2025 analengeza kuti akutseka Lightbox, chifukwa mitengo yopikulitsira inali itagwa kwambiri. Chaka chomwecho GIA inalengeza kuti isiya kuyeza miyala ya mufakitale ndi sikelo yatsatanetsatane ya mtundu ndi kuyera imene imagwiritsa ntchito pa ya mumgodi, popeza pafupifupi yonse imatuluka yoyera mofanana.

Ganizani ngati wasitolo. Mayi wabwera ndi mwala wa mufakitale umene anagula zaka zisanu zapitazo. Lero inu mungathe kuitanitsa watsopano, waukulu kuposa uwu, pa kachigawo kochepa ka zimene mayiyo analipira, ndipo mukudziwa kuti mawa utsikanso. Mungaugulirenji? Masitolo ambiri sagula n'komwe. Ena amalola kuti musinthitse ndi mphete ina yokwera mtengo. Ena amangoyeza golide wa mpheteyo pa sikelo, n'kukupatsani za golideyo basi.

Mpaka pano zikuoneka ngati mwala wa mumgodi wapambana, ndipo otsatsa malonda ake amakonda kulekezera pomwepa. Koma tiyeni tiwerengere ndalama zenizeni. Manambala awa ndangowapeka kuti tione mmene masamu akuyendera. Achimwene awiri akukonzekera chinkhoswe. Wamkulu wagula mwala wa mumgodi wa karati imodzi pa madola 5,000. Wamng'ono wagula wa mufakitale wooneka chimodzimodzi pa madola 1,000. Papita zaka zisanu, zinthu zathina, onse akufuna kugulitsa. Wamkulu wapatsidwa madola 2,000. Wamng'ono wapatsidwa madola 100, mwinanso sanapatsidwe kanthu. Tikawerenga ndi maperesenti, wamkulu wapulumutsa 40 pa 100, pamene wamng'ono wapulumutsa 10 kapena ziro. Koma m'thumba, wamkulu wataya madola 3,000 ndipo wamng'ono wataya 900, pochulukitsa 1,000. Wamng'onoyo analinso ndi madola 4,000 amene sanawaike pa chala cha munthu aliyense. Mwala umene umasunga mtengo bwino ndi umene wadya ndalama zambiri.

Amene anapsa kwenikweni ndi anthu a magulu awiri. Oyamba ndi amene anagula mwala wa mufakitale kumayambiriro kuja, pa mtengo woyandikana ndi wa mumgodi. Achiwiri ndi amene anagulitsidwa wa mufakitale powanamiza kuti ndi wa mumgodi. Awa ndiwo amalipira 5,000 n'kudzapatsidwa 100, ndipo n'chifukwa cha iwowa kuti kuyang'ana m'chiuno mwa mwala si kuvutitsa wogulitsa. Mitengo yokha m'sitolo ingathenso kusocheretsa. Popeza mtengo wopikulitsira unagwa msanga kuposa wa pa shelefu, masitolo ambiri amapeza phindu lalikulu, poyerekeza ndi zimene alowetsa, pa mwala wa mufakitale kuposa pa wa mumgodi. Mtengo wa mwala wofanana ungasiyane kwambiri pakati pa masitolo awiri oyandikana, choncho kufunsa m'malo atatu musanatulutse ndalama kumapindula kuposa kunenerera pa kauntala imodzi.

Mudzamva za miyala imene inakwera mtengo, ndipo nkhanizo n'zoona. Mu 2017 dayamondi wofiirira wotchedwa Pink Star, wa makarati 59.60, anagulitsidwa pa madola 71.2 miliyoni ku Hong Kong. Mgodi wa Argyle ku Australia, umene unkatulutsa miyala yambiri ya mtundu wofiirirawu, unatsekedwa mu 2020, ndipo osonkhanitsa miyala amalimbirana imene inatsala. Koma iyi ndi miyala yosowa zenizeni, ya mitundu yachilendo kapena ukulu wodabwitsa. Mwala woyera wa karati imodzi suli m'gulu limenelo. Yofanana nawo ilipo yambirimbiri m'madirowa a anthu padziko lonse.

Ndiponso mwala wa mumgodiwo wayamba kuterereka. Mitengo yake inafika pachimake kumayambiriro kwa 2022, anthu atagula kwambiri pa nthawi ya mliri, ndipo kuchokera pamenepo yakhala ikutsika. Zifukwa n'zingapo, kuphatikizapo kuchepa kwa ogula ku China, koma chachikulu chimodzi n'chakuti achinyamata ambiri a ku America, kumene kuli msika waukulu koposa, akusankha mwala waukulu wa mufakitale m'malo mwa waung'ono wa mumgodi. Miyala imene yakhudzidwa kwambiri ndi yomwe ija ya karati imodzi kapena ziwiri, ya pa mphete za ukwati. Kampani ya Pandora, imene imagulitsa zokongoletsera zochuluka zedi, inalengeza mu 2021 kuti yasiya kugwiritsa ntchito miyala yokumba. Mu 2023 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, anapereka kwa Jill Biden mphatso ya dayamondi wa mufakitale wa makarati 7.5, poonetsa kuti dziko lake silichita nawo manyazi malondawa.

Zonsezi zikumvekera kuno kummwera kwa Africa. Dziko la Botswana linamanga misewu, masukulu ndi zipatala ndi ndalama za ku Orapa ndi Jwaneng, kudzera mu kampani ya Debswana imene boma limagawana pakati ndi De Beers, ndipo dayamondi ndi amene amabweretsa gawo lalikulu koposa la ndalama zakunja za dzikolo. Mu 2024 malonda a Debswana anatsika kwambiri, kampaniyo inachepetsa kukumba, ndipo Anglo American inalengeza kuti ikufuna kusiyana ndi De Beers. Mu Ogasiti chaka chomwecho, pa mgodi wa Karowe m'dziko lomwelo, anafukula mwala wa makarati 2,492, wachiwiri kukula kwa Cullinan pa miyala yonse yoti n'kudulidwa kukhala zokongoletsera. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Mokgweetsi Masisi, anaunyamula m'manja pamaso pa atolankhani ku Gaborone. Patangopita miyezi iwiri, chuma chili pa mavuto, chipani chake chimene chinalamulira kuyambira pa ufulu wa 1966 chinagonja pa chisankho.